Makina Ogona Amadzuka

Loko wa bambo ndimayenda naye m'thumba la buluku. Ndi wofiira, wokalikakalika m'mbali, ndipo kiyi wake ali pa chingwe cha nsapato. Atamwalira bambo, a ku fakitale anabweretsa kunyumba katoni imodzi: ovololo, kapu ndi lokoyo. Amayi anatenga kapu, ine ndinatenga loko.

Ndinali nditasiya koleji m'chaka chachitatu kuti ndiwadwazike. Impso zinawatha pang'onopang'ono, miyezi isanu ndi inayi. Titaika maliro, mabuku anga ndinangowasiya pansi pa bedi mpaka mphemvu zinayamba kuphunziramo m'malo mwanga.

Tsiku lina anafika kunyumba a Girisi, mnzawo wa bambo amene anagwira nawo ntchito zaka makumi awiri pa fakitale ya makatoni. Dzinalo analipeza chifukwa zala zawo siziyera ngakhale patsiku la ukwati.

"Iwe Koleji, udzaola nako kugonaku," anatero ali pakhomo. "Kwabwera makina atsopano opanikiza zinyalala za makatoni. Buku lake ndi la Chingerezi chokhachokha. Akufuna munthu woika machenjezo m'chilankhulo chathu. Ndawauza kuti mwana wa malemu Chingerezi anachimwa ngati phala."

Ndinapita chifukwa ndinkafuna kuima pamalo pamene bambo ankaima.

Anandipatsa tebulo m'kachipinda ka galasi koyang'ana m'holo yogwirira ntchito. M'menemo munkakhala mayi woyang'anira zachitetezo, amene aliyense ankawatcha a Chipewa, chifukwa chipewa chawo choyera sankachivula ngakhale pomwa tiyi. Anatsegula bukulo n'kundionetsa timabokosi ta mitundu itatu.

"Mwanawe, taona. Kofiira n'ka chinthu chomwe ukapanda kuchipewa chikupha kapena kukulemaza, palibe mwina. Ka mtundu wa lalanje n'ka chinthu chomwe chikhoza kukupha kapena kukulemaza. Kachikasu n'ka chinthu chovulaza pang'ono. Buku la makina akale, amene anatanthauzira anangolemba chenjezo ponseponse. Kupsa chala chenjezo, kudulidwa mutu chenjezo. Ndikufuna mawu atatu, ndipo asasinthane malo mpaka tsamba lomaliza."

Tinagwirizana: NGOZI pofiira, CHENJEZO pa lalanje, SAMALANI pachikasu. Zimenezo sizinavute. Chinavuta ndi tsamba lonena zochita makatoni akatsamwitsa makina, pamene munthu amayenera kutsegula chitseko n'kulowetsa manja m'chipinda chomwe chitsulo chopanikiza chimadutsa.

Kukoleji anatiphunzitsa kuti wolemba wabwino sabwereza liwu limodzi kawirikawiri. Ndiye ndinakometsera. Pena ndinalemba kuti imitsani makina, pena zimitsani, pena thimitsani. Ndinapereka mapepala ndikudzimva kuti zaka zitatu zija sizinapite m'madzi.

A Chipewa sanawerenge nthawi yaitali. "Tiye tikayese pa anthu," anatero.

Makinawo anali asanayambe ntchito, ankangowayendetsa opanda kanthu. A Chipewa anaitana anthu atatu, mmodzimmodzi, kuti wina asaonere mnzake. Aliyense anamupatsa kapepala kolembedwa kuti: Zimitsani makina musanatsegule chitseko.

Woyamba anadina batani loimitsira n'kupukuta m'manja, basi wamaliza. Wachiwiri, mayi amene anali atangoyamba ntchito mwezi womwewo ndipo onse ankamutcha Achemwali, anamenya chibatani chofiira chadzidzidzi chooneka ngati bowa. A Girisi anapita kukhoma, anatembenuza siwichi yaikulu, n'kukolekapo loko wawo.

"Liwu limodzi, ntchito zitatu," anatero a Chipewa. "Awiri mwa atatuwa alowetsa manja m'makina omwe magetsi akadalimo. Wina akadutsa n'kudina batani, kapena waya akalakwitsa, tiwanyamula pa machira. Nanga pamene walemba thimitsani, munthu aziganiza kuti n'zosiyana ndi zimitsani?"

"N'chimodzimodzi, mayi. Ndimaopa kubwereza."

"Bwereza, mwanawe. Si ndakatulo iyi. Chinthu chimodzi, liwu limodzi."

A Girisi anaseka mpaka kutsokomola. "Koleji wagwa mayeso a ku fakitale! Abambo ako sankavutika ndi zimenezi. Ankati, makina ogona amadzuka. Ukafuna kulowetsa dzanja, yamba waapha."

Mawu amenewo ndinakula nawo. Bambo ankawanena pokonza ayironi, ngakhale posintha babu. Kugoneka kunali kudina batani. Kupha kunali zonse: siwichi yaikulu, loko, kutulutsa mphamvu yotsalira, ndi kuyesa ngati afadi. Kwa miyezi isanu palibe amene anandiyankhulapo ndi mawu a bambo, ndipo apa anatuluka m'kamwa mwa munthu wina, athunthu, ndi kaseko kawo komwe.

Ndinabwerera patebulo. Ndinafufuta zimitsani ndi thimitsani yense. Ndinalemba kuti: NGOZI. Iphani makina musanatsegule chitseko. Ndinaliika liwulo m'malo khumi ndi anayi, osasintha ngakhale pamodzi, monga a Chipewa anafunira. Ndinkaona kale chikwangwani chitamatidwa pamakina, anthu akuwerenga mawu a bambo m'mawa uliwonse, zaka ndi zaka. Manda awo alibe mwala. Ndinati mwala wake ukhale umenewu.

Kunyumba ndinawauza amayi. Anaika kapu ija pansi n'kunena kuti, "Mawu amenewo ndinatopa nawo ali moyo. Lero ndingapereke chilichonse kuti ndiwamvenso." Kenako anakayang'ana madzi pamoto, ngakhale kuti panalibe madzi.

M'mawa mwake a Chipewa anawerenga tsambalo kawiri. Anandiyang'ana m'njira imene anthu akhala akundiyang'anira chimwalirireni bambo, ngati ndine mbale yong'aluka.

"Ndikulidziwa liwuli," anatero. "Ndinawamva abambo ako akulinena. Tiliyesa ngati linzake lija."

A Girisi anachita zonse bwinobwino, akuimba kamluzu. Anadina batani loimitsira, anatembenuza siwichi yaikulu, anakoleka loko, anatsegula valavu yotulutsira mphamvu ya oyilo mpaka muvi wa pageji yoonetsa mphamvuyo unagona pa ziro, kenako anadina batani loyatsira. Makina anangoti duu.

"Afa awa, kaitaneni abale," anatero, anthu n'kuseka.

Kenako anabwera Achemwali. Anawerenga kapepalako milomo ikugwedera. Anayang'ana makina, anayang'ana ine. Anamenya chibatani chofiira chija ndi chikhatho chonse, n'kugwira chitseko.

"Basi, siyani pomwepo," anatero a Chipewa.

"Nanga si mwalemba kuti iphani?" anafunsa Achemwali. "Kupha ndiye kumenya chofiirachi. Kumene ndinkagwira kale tinkatero."

"Ayi, Achemwali," ndinalowerera, mawu atakwera. "Kupha ndi siwichi, loko, oyilo, zonse. Aliyense pano amadziwa."

"Aliyense wake uti, achimwene? Ine ndabwera mwezi uno. Anandiuza ndani?"

Ndinatsala pang'ono kunena kuti bambo anga. Koma bambo anga anali asanamuonepo mayiyu, ndipo sadzamuona. Ndinayang'ana manja ake pachitsekopo. Anali ndi kabandeji pachala chaching'ono ndi utoto wofiira wotsalira pazikhadabo.

Ndinatuluka kupita kuseri kwa holo, kumene amaunjika mabelo a makatoni opanikizidwa. A Girisi ananditsatira akupukuta zala ndi kansanza komwe kanali kakuda kuposa zalazo.

"Tingowaphunzitsa," ndinatero. "Tilembe patsamba loyamba kuti kupha kumatanthauza chakuti. Aziloweza."

"Munthu makatoni atamutsamwira, bwana akukuwa, akafunefune tsamba loyamba?" Anakhala pabelo. "Mwana wanga, liwu lija linkagwira ntchito chifukwa mwini wake ankaima pambali pako. Akati iphani, amakukoka khutu mpaka pasiwichi. Pepala lilibe manja okokera khutu."

"Ndiye bambo asowe ponseponse? Kunyumba kulibe, kuno kulibe?"

"Abambo ako zaka makumi awiri sanalole munthu kutaya ngakhale chikhadabo pamakina awo. Ukufuna dzanja loyamba lidukire pa liwu lawo?"

Anandisiya pomwepo.

Masana ndinafufuta malo onse khumi ndi anayi. Pofufuta loyamba ndinang'amba pepala. Ena aja ndinafufuta mofatsa, monga momwe ndinkawapukutira bambo kumaso masiku omaliza. Ine ndi a Chipewa tinalemba kandandanda ka mawu: kuimitsa ndi batani loimitsira basi, kudula magetsi ndi siwichi yaikulu basi, ndipo chibatani chija chizitchedwa batani ladzidzidzi paliponse. Zimitsani tinalichotsa m'buku lonse. Kenako ndinalemba:

NGOZI. Chitsulo chopanikiza chidzakuphwanyani. Musanatsegule chitseko: 1. Imitsani makina ndi batani loimitsira. 2. Dulani magetsi pa siwichi yaikulu. 3. Kolekani loko wanu pa siwichi yaikulu, kiyi musunge nokha. 4. Tsegulani valavu ya oyilo mpaka muvi ufike pa ziro. 5. Dinani batani loyatsira. Makina akayenda, musatsegule chitseko, itanani woyang'anira. Batani ladzidzidzi silidula magetsi pa siwichi yaikulu.

Mawu ouma ngati chikho chakale. Bambo akanati ndalemba ngati wapolisi.

Tinayesa pa munthu amene anali asanaonepo pepala lililonse, dalaivala wa ngolo yonyamulira mabelo. Anatsata mzere ndi chala, anachita zonse zisanu. Achemwali nawo anayamba bwino, koma atafika pachitatu anaima.

"Loko wanu, loko wanu. Ine wanga sanandipatsebe."

Dzanja langa linali kale m'thumba. Ndinatulutsa loko wofiira uja n'kumutambasulira. A Chipewa anaona zilembo za dzina la bambo zokanda pambali pake, ndipo anagwira dzanja langa n'kulipinda pang'onopang'ono.

"Ayi, mwanawe. Loko amanena kuti mwini wake ali m'kati mwa makina, ndipo amachotsa ndi mwini wake yekha. Tikakoleka uyu, anthu aziti ndani ali m'katimo?"

Anapita kukabati n'kubweretsa loko watsopano, Achemwali n'kulembapo dzina lawo. Anakoleka, anatsegula valavu, anadina batani loyatsira. Makina sanagwedezeke. Anatsegula chitseko, analowetsa manja onse awiri mpaka m'zigongono, n'kuwatulutsa.

"Zala khumi, werengani nokha," anatero, akuzivinitsa pamaso pa a Girisi.

Poweruka ndinatsalira pang'ono pafupi ndi makinawo. Chikwangwani chinali chisanamatidwe, pepala langa linangogwidwa ndi selotepi. A Girisi anadutsa atakoleka jekete paphewa, anamenya chitsulo cha makina ndi chikhatho, n'kunena chapansipansi, osandiyang'ana, "Ogona amadzuka."

Ndinabweza loko m'thumba, n'kuwatsatira kugeti.