Nsabwe za Sitandade 3

Madamu Zione Kamwendo, mphunzitsi wa Sitandade 3 pa kasukulu kena ku Senga Bay, analembera makolo kalata mtima uli m'malo, monga munthu amene vuto la nsabwe silikumukhudza.

"Makolo okondedwa, m'kalasi mwathu mwapezeka nsabwe za m'mutu. Musadandaule, si chizindikiro cha uve. Nsabwe siziuluka, zimayenda mitu ikagundana. Nyowetsani tsitsi la mwana, lidzozeni mafuta, mulipese ndi chipeso cha mano othinana masiku atatu alionse kwa masabata awiri. Tsitsi loluka limasulidwe kaye. Musathire palafini kapena mankhwala a m'munda. Onaninso aliyense amene amagunditsana mutu ndi mwanayo."

Anasayina mokhotakhota, akusisita mameshi ake atsopano, ofika m'chiuno. Anali atawakhalira tsiku lonse ku Salima, khosi mpaka kuuma, chifukwa Loweruka kunali chinkhoswe chake. Ankafuna kuti akuchimuna akaone okha kuti mwana wawo sanatole mkazi pamsewu.

Lachinayi ana ataweruka, anatulukira Habiba, mayi ake a Sumaiya wa m'kalasi mwake, akuchokera ku matandala a usipa. Dzanja lina kalata, lina chipeso.

"Madamu, kalata yanu ndi yabwino, mashallah. Kunyumba ndapesa onse, ngakhale bambo ake amene mutu wawo ndi dazi lokhalokha. Mwatsala inu."

"Ine?"

"Sumaiya akuti mukamachonga kope lake mumawerama mpaka mitu kugundana. Mwalemba nokha apa."

Zione anaseka kaseko ka anthu ophunzira, koma chala chake, chopanda mwambo, chinali kale kuseri kwa khutu chikukanda. Habiba anapatula tsitsi pamenepo, nkubudula kanthu, nkukayala pachikhatho. Kankayenda bwinobwino, kokhuta.

Zione anafuna kulira, ndipo analiradi.

"Mayi, chonde, tidikire Lolemba. Ndani adzaone?"

"Azilamu anu ndi angati?"

"Asanu."

"Onse adzakukumbatirani, tsaya kutsaya. Mukufuna kukalowa m'banja la eni ndi ziweto?"

Zione anakhala pa njerwa kuseri kwa kalasi, mutu uli pakati pa mawondo a Habiba. Mameshi anagwa limodzilimodzi, ndipo lililonse likagwa mtima unkamupweteka. Habiba ankapesa akuwerenga kalata ija mokweza, mzere ndi mzere, pa mawu akuti "musadandaule" nkumabwereza kawiri.

Loweruka Zione analowa pa chinkhoswe atamanga duku mpaka m'nsidze, ali ndi manyazi osaneneka. Apongozi ake, mayi amene anthu amati saseka ngakhale pa Khirisimasi, anamuyang'ana nthawi yaitali, kenaka nkuliza nthungululu.

"Mwaona?" anauza ana awo aakazi. "Mkazi wolemekeza akuluakulu ndi ameneyu, osati inu ndi matsitsi anu ogula! Mwana wanga, dukuli usadzalivule m'nyumba mwanga."

Zione anagwada mwaulemu, manja onse awiri atawapanikiza pa mawondo kuti asakande.