Mzere Wokhudza Mkazi wa Nyirenda

Dinah Gondwe anapita ndi kalata yake yopempha ntchito ya unamwino kwa Hezron, amalume ake, mphunzitsi wa ku Bolero, kuti ayikonze.

Hezron anawongola Chingerezi, nafufuta mawu opepesa onse. Kenaka Dinah anaona cholembera chikufufuta dzina la agogo ake ndi mndandanda wa akulu a mpingo.

"Mukuchotseranji, amalume? Adzandidziwa bwanji?"

"Matroni, mkulu wa anamwino, safuna kudziwa amene anakubala. Pamaphunziro ako unachitapo chiyani ndi manja akowa?"

Dinah anaganiza. "Ndinathandiza azamba kubereketsa amayi khumi ndi awiri. Mmodzi ndi mkazi wa Nyirenda, bambo wotchuka kuno."

"Lemba chiwerengerocho, dzinalo usiye."

Kalatayo inatsala mizere isanu ndi umodzi. Dinah anaiwerenga kawiri, kudabwa kuti namwino ameneyu ndi iyeyo.