Nyimbo ya pa Chiliza cha a Malizani

Matola anamusiya Stafford pa Thekerani kutada. Kwawo kwa malemu bambo ake anali asanapondeko. Anabadwira ku Ndirande, nakulira m'mabasi.

Mawa lake linali lovundukula chiliza. Iye anali atatumiziratu nyimbo: mawu ake a Chichewa, maimbidwe a nyimbo ya Chingerezi imene bambowo ankaikonda. Ankafuna abale amve kuti mwana wa m'tauniyu ndi wawo.

Linali Loweruka madzulo, Sabata itangotha. Kwaya inali m'tchalitchi, kukonzekera nyimboyo. Azakhali ake, a Teleza, amene anakalambira m'minda ya tiyi, anamukhazika pambali pawo.

Kwaya inayamba. "MaLIzaNI waPUmuLA..."

A Teleza anatchera khutu. Kenako anamukodola.

"Mwanawe, akumuimbayu ndani?"

"Bambo, azakhali."

"Iyayi. Achimwene anga anali a MaliZAni. Uyu sindimudziwa. Kapena ndi wa ku Luchenza?"

Azimayi a kumbuyo anaseka m'zitenje. Stafford anayang'ana nsapato zake.

A Hazel, mphunzitsi wotsogolera kwaya, anakweza dzanja. Nyimbo inaduka.

"Pepani achimwene, taimba monga munalembera."

"Koma ndinawerenga bwino. Maphatikizo asanu ndi atatu mzere uliwonse."

"Kuwerengako munakhoza. Vuto ndi mayendedwe. Nyimboyi imaponda pawiripawiri: mopepuka, mwamphamvu, mopepuka, mwamphamvu. Imathera pamphamvu. Chingerezi chimalola, poti liwu lililonse lili ndi pake potsindika, ena poyamba, ena pothera. Ife timakoka phatikizo lotsatizana ndi lomaliza. MaliZAni. WapuMUla. Ndiye nyimbo ikaponda, liwu lanyamula phazi."

Anaomba m'manja pang'onopang'ono, akuyesa. Kenako anaima.

"Komatu dzinali likanalowa. Kungoyamba ndi phatikizo lopepuka. A MAliZAni. Mwamva? Lakhala."

Stafford anakumbukira. "A" ameneyo analipo poyamba. Anamufufuta yekha m'basi ya ku Lilongwe, kuti chiwerengero chikwane.

A Teleza anamuyang'anitsitsa.

"Ndiye kuti bambo ako unawatchula ngati mnzako wa mpira?"

"Sankakwana, azakhali."

"Ulemu sunkakwana?"

Panalibe woseka.

"Nanga kothera mizere?" anafunsa Stafford motsitsa mawu.

"Kumeneko ndiye kulembanso yonse," anatero a Hazel. "Kapena tiiveke maimbidwe ena, oyamba mwamphamvu. Koma sakhala a bambo anu aja."

Stafford anayesa mzere wachiwiri chamumtima. Wachitatu. Yonse inkatsimphina. Mwezi wathunthu anaiimba yekha, osamva kanthu.

"Ingoimbani ya m'buku la nyimbo," anatero.

"Imeneyo timaitha," anayankha a Teleza.

Kutacha, azimayi akupita kukasesa kumanda, Stafford anatenga chikwama. A Teleza anamuona ali pakhonde. Sanamuitane. Iyenso sanatsanzike.

Matola oyamba anali odzaza nthochi. Anakhala pamwamba pake, nafulatira kumudzi.