Buledi wa Gaga

Mkazi wa dalaivala ankamudziwa mwamuna wake: munthu uja ukamuletsa chinthu ndiye kuti wamutuma. Choncho dokotala wa ku kampani ya mabasi atanena kuti mimbayo itsike, apo ayi shuga adzamutsitsa pa chiwongolero, mayiyu sanaletse kanthu. Anangosinthanitsa.

M'malo mwa tchipisi cha padepoti chosambira m'mafuta, ankadula mbatata, kuipaka kasupuni kamodzi ka mafuta ndi tsabola, n'kuiotcha mu uvuni. Pakamwa pakafuna chokukuta, panali mbuliwuli zopanda batala, kapena mtedza, koma dzanja limodzi basi, poti nawonso ukachuluka umanenepetsa. Buledi woyera uja, wodya eyiti koloko njala n'kubweranso teni, anamusiya. Ankagula wa tirigu wosachotsa gaga, wolemera m'manja, osati wongodetsa mtundu. Magawo awiri, dzira lowiritsa ndi tomato, bambo ankafika masana osadandaula. Loweruka ankadya donasi limodzi poyera, kuti asamakabe kumbali.

Pa miyezi inayi lamba anabwerera mabowo awiri. Mwini wake ankachita kunyambita zala. "Mayi a mwana, mawa muwonjezere tsabola," ankatero.

Tsiku lina kunabwera apongozi, amayi ake a dalaivalayo, pamodzi ndi mchemwali wa bamboyo. Mkazi uja anaika tiyi patebulo. Apongozi ananyamula gawo la buledi, kulitembenuza, n'kulinunkhiza.

"Timadontho iti n'chiyani?"

"Ndi gaga wa tirigu, amayi. Amathandiza kukhuta nthawi yaitali."

Kalanga ine, mawu amenewo! Akanangoti buledi wabulauni zikanatha.

"Gaga? Mwana wanga akudya za nkhuku?" Apongozi anaomba m'manja. "N'chifukwa chake khosi latalika chonchi. Anthu kwathu akufunsa ngati akudwala, kani akumanidwa m'nyumba mwake momwe!"

"Alamu, mafuta ophikira adula chotani kuti mpaka achimwene aziuma?" anathirira ndemanga mchemwali uja.

Mkazi wa dalaivala anayang'ana mwamuna wake. Anali mawu ochepa chabe ofunika: za dokotala, za mawondo amene analeka kuwawa, kuti chakudyacho amachikonda. Mbiri yake yonse kuchimuna inali pakamwa pa bamboyo.

Bambo anakanda m'mutu n'kuseka kaphwete kamanyazi.

"Nanga nditani, amayi? Ndimangodya zimene ndapatsidwa."

Mkaziyo zinamuwawa mpaka m'mafupa. Miyezi inayi yolawirira kuwiritsa mazira, yowerenga timalemba ta pamapepala a buledi m'sitolo ngati mwana wasukulu, malipiro ake n'kutchedwa womana!

Apongozi anatulutsa m'chikwama pepala lonyowa ndi mafuta, la madonasi asanu. Mwana wawo anadya atatu, maso ali pansi.

Alendo atapita, bamboyo analowa kukhitchini mwakachetechete.

"Mayi a mwana, mbatata ya mawa mundiikirabe, eti? Koma akafunsa, musawauze."