Mtedza wa ku Tembwe

Tsiku limene woyendera zaumoyo wa ku khonsolo ankabwera kwa Tisiyenji, nyumba inali itakolopedwa mpaka nyerere kusowa chotola. Tisiyenji anali mayi wamasiye wa ana awiri, ankakhala kuseri kwa msika pa boma la Chama, ndipo ankapanga chiponde. Chiponde chake anthu ankachikonda, koma eni masitolo ankachikana poti analibe laisensi, ndipo a khonsolo anali atamulandapo mabotolo pamsika. Popanda pepala limenelo, pa boma panalibe chodyetsera ana. Akuchimuna ku Tembwe anali atanena kale kuti asiye zamatama, abwerere kumudzi akagwire khasu, anawo akakulire kwawo kwa bambo awo. Tisiyenji ankangoti tiona.

Pansi pa mtengo wa mango panakhala a Ackim, akulu awo a malemu mwamuna wake. Anali atafika dzulo lake pa njinga yamoto ndi matumba a mtedza woswa kale, gawo la ana lochokera m'munda wa banja. Anali munthu wopatsa ndithu, koma wa mtundu uja woti akakupatsa chinthu amakhala pomwepo kudikira kuti uthokoze mpaka malovu kuuma.

Woyenderayo anali mayi wamng'ono thupi, dzina lake a Immaculate, wochokera ku Kabwe. Anavala chikhoti choyera, m'manja muli tochi dzuwa likuswa mtengo. Moni anapereka wachidule.

"Pepala ya kuchipatala ili kuti, amayi?"

"Iyi," anatero Tisiyenji. "Ananipima chifuwa, mikodzo, na zina zosakamba pali alamu."

"Mudziwa kuti imasila?"

"Miyezi sikisi. Ikasila nizabwelelako, chipatala sichithawa."

"Ndani winangu amagwila chakudya muno?"

"Palibe. Ana amathela pa chitseko apa."

A Immaculate anamugwira manja, nawatembenuza kuona zikhadabo ndi mabala. Anayang'ana duku ngati laphimba tsitsi lonse, ndi epuloni. Kenaka analowa m'chipinda chophikiramo, chimene kale chinali pabalaza. Tisiyenji anali atagulitsa mipando ya malemu kuti aike simenti pansi ndi waya wa ntchentche pawindo, ndipo nkhani imeneyi ku Tembwe inali isanathe kukambidwa.

"Muno mumagona munthu?"

"Munthu angagone pa thebulo?"

"Nafunsa, amayi."

"Samagona."

"Madzi mutapa kuti?"

"Pa pompi. Ikauma, pa mjigo, naika kolorini. Mgolo ni uyu, chivundikilo chake ni ichi."

"Posamba m'manja?"

Tisiyenji analoza ndowa ya kampopi pakhomo, sopo ali pambali. Mayi uja sanakhulupirire maso okha. Anatsegula kampopi, nanunkhiza sopo, kenaka n'kutuluka kupita kuseri. Anavundukula pachimbudzi kuona ngati pali chotsekera, anayesa ndi maso mtunda wochoka pamenepo kufika kophikira, nafunsa komwe amataya zinyalala ndi madzi otsukira. Nkhuku anazipeza zili m'khola, zikudabwa kuti zalakwanji.

Atabwerera m'nyumba anagwada, nawalitsa tochi m'makona kufuna zitosi za makoswe ndi mphemvu. Sanapeze kanthu. Anati makina ogayira amasulidwe. Tisiyenji anawamasula mpaka kachitsulo komaliza, n'kumupatsa m'manja.

"Mabotolo ni atsopano, kapena otola?"

"Atsopano. Otola aja munanilanda imwe."

"Pa chipepala chomata payenela kulembedwa chani?"

"Dzina langa, kwamene nikhala, zamene naikamo, tsiku yopangila na tsiku yosilila. Funsani china."

Mtima wa Tisiyenji unali utayamba kuvina. Anasuzumira panja kuti aone ngati alamu ake akumva, ndipo ankamvadi, khosi litatalika ngati la nkhanga.

"Manje nionetseni nshawa," anatero a Immaculate.

Matumba a mtedza anali pa mathabwa, osakhudza pansi kapena khoma, monga mmene malamulo amafunira. Tisiyenji anamasula loyamba monyadira. Woyendera analowetsa mkono mpaka m'chigongono, ndipo nkhope yake inasintha. Anatapa mtedza wa pakati, naununkhiza, naluma kamodzi. Sunalire pakamwa, unangophwanyika mwa ndii. Anautambasula padzanja. Wina unali wofota, wina wakuda kumutu, ndipo wina unali ndi ufa wobiriwira m'mphako mwake.

"Ikanimo dzanja," anatero.

Tisiyenji anaikamo. M'kati mwa thumba munali mofunda ngati m'khwapa.

"Anaswa ndani nshawa izi?"

"Ise!" anayankha a Ackim, amene tsopano anali ataima pakhomo. "Banja lonse, usiku na usana."

"Munawaza madzi poswa?"

"Nanga muswa bwanji nshawa zouma? Zala zingasile. Timawaza madzulo, m'mawa makoko afewa. Ni mwamene amachitila aliyense ku Tembwe."

"Pambuyo pake munayanikanso?"

"Kuyanika chani? Zinauma kale ku munda."

A Immaculate anapukuta manja pa chikhoti. Anafotokoza mosakweza mawu kuti mtedza wonyowa ukatsekeredwa m'thumba umachita chuku, ndipo chukucho chimasiya poizoni amene amawononga chiwindi ndi kupinimbiritsa ana. Anati mtedza wotere sangaulole kulowa m'botolo.

Tisiyenji anapsa mtima mpaka makutu kulira. Mipando inapita, wapimidwa ndi zosakamba zomwe, ndiye agwe chifukwa cha madzi owazidwa ku Tembwe?

"Manje nifunse ine," anatero, manja ali m'chiuno. "Sinikazinga? Moto siupha?"

"Upha chuku. Poizoni ikhalilila."

"Nikasankha imodziimodzi?"

"Zikanakhala zoipa pang'ono, nikanakuuzani kuti sankhani. Izi thumba lonse lafunda."

"Mudziwa bwanji kuti muli poizoni? Mwaiona na tochi?"

"Siioneka. Ningatenge zina nitumize ku labu ku Lusaka, muyembekeze. Koma chakudya cha chuku sinichiyembekezela labu, lamulo inilola kuchikana pamene apa."

"Ndiye laisensi mwanimana?"

"Nyumba yapasa. Imwe mwapasa. Nshawa zalephela. Sininganene ku khonsolo kuti muli bwino pamene matumba aya akali muno."

A Ackim anaseka kaphwete. Iwo nkhaniyi anaiona yophweka. Anati matumbawo angoikidwa kuchipinda chogona, mayi alembe zolemba zawo, zina zidzaoneka mawa. A Immaculate anangowayang'ana. A Ackim ataona kuti pamenepo sipalowa, anatembenuka. Anati chabwino, asagulitse, koma ana a m'bale wawo adye, azisinjira m'ndiwo. Iwo anakula ndi mtedza womwewo, ndipo onani, ali gwa.

"Funso yosilizila, amayi," anatero woyendera, akuyang'ana Tisiyenji yekha. "Zokanidwa muzazichita bwanji?"

Funso limeneli linali lolemera kuposa onse. Ku Tembwe mtedza woipa sutayidwa. Wabwino umapita kumsika, wofota ndi wakuda umatsala pakhomo n'kukhala nsinjiro. Tisiyenji anakula choncho, ndipo ana ake anawadyetsapo choncho. Tsono uwu sunali mtedza wamba. Unali thukuta la apongozi ake, loperekedwa m'dzina la malemu. Kuukana kunali kutukwana mudzi wonse.

"Nkhuku zingadye?" anafunsa, mawu atatsika.

"Poizoni imapita mu mazila na mu nyama."

"Ndiye nichite bwanji?"

"Kutentha, phulusa kukwilila. Ine nili pompano nione."

"Kutentha chakudya!" anakuwa a Ackim. "Mlamu, mwapenga? Kamtsikana ka ku Kabwe aka kanagwilapo khasu? Mukayatsa nshawa za amayi, mukakambe mweka kumudzi. Ndipo musadzabwele kudzapempha olo chitsononkho!"

Tisiyenji anachita mantha, tisabise. Chaka cha njala chimanga chinkachokera kwa anthu omwewa. Anayang'ana matumba, nayang'ana mabotolo atsopano ali mndandanda pa shelefu, opanda kanthu. Ankadziwa kuti akabisa matumbawo, mawa adzagaya ndithu, poti wina analibe, ndipo woyamba kunyambita supuni adzakhala mwana wake wamng'ono.

Anagwira thumba m'makutu, nayamba kulikoka. Linali lolemera, ndipo palibe anamuthandiza. Analikwakwaza kudutsa pakhomo, a Ackim n'kudumpha kuti lisawaponde, mpaka kudzenje la zinyalala. Anabwerera kukatenga linzake. Anthu oyandikana nawo anayamba kuunjikana kumpanda, ena atagwira pakamwa. Mayi wina anapempha kuti amugawireko kambale kokha.

"Nikupatseni kuti mukadye chamene nakaniza ana anga? Iyayi."

Anaunjika mapesi ndi nkhuni, nathira mtedza pamwamba, nakhwatcha machesi. Poyamba unangofuka chifukwa cha chinyontho. Kenaka mafuta ake anagwira, moto n'kulilima, ndipo fungo la mtedza wokazinga linadzaza komboni yonse. Linali fungo lokoma, ndipo n'chimene chinapweteka kwambiri. Misozi inkatsika, koma sanaipukute.

"Alamu," anatero osacheuka, "mukauze amayi kuti nathokoza. Chaka chamawa anitumizile za m'makoko, nizaswa neka, zouma, zala zisile. Akakana, nizagula kwina."

A Ackim analiza njinga yawo, nachoka osatsanzika ngakhale ana omwe.

A Immaculate anaima pomwepo mpaka moto unazilala. Anati Tisiyenji akapeza mtedza wina awaitane adzauone, ndipo ukakhala wouma ndi woyera adzapereka lipoti ku khonsolo kuti laisensi ituluke.

"Muzautenga kuti?" anafunsa, ndipo funso ili silinali la ntchito.

"Sinidziwa," anatero Tisiyenji, akufosera dothi paphulusa. "Koma musapite patali. Ine pa Chama sinichoka."