Kankhope Kozondoka ndi Makina a Pawindo

Amene anawalakwira madala osoka majekete ndi manijala watsopano, Lachiwiri lina m'mwezi wa Marichi, ndipo anawalakwira pamaso pa shopu yonse iwo osadziwa.

Madalawo anali atasoka zaka makumi awiri ndi zisanu pa makina a pawindo, pamene pamawala bwino moti ulusi wakuda umaoneka pansalu yakuda. Kolala ankaimaliza pamanja, choncho jekete limodzi linkawatengera masiku atatu. Manijalayo atangofika anatsegula gulu la pafoni la antchito onse, ndipo tsikulo analembamo kuti: "Tiwathokoze madala athu, jekete la Lachisanu latha lero. ✨Liwiro✨ lenileni 🙃"

Madala anavala magalasi. Anaona tinyenyezi, anaona kankhope komwetulira. Kuzondoka kwakeko anangoti chala cha bwana chinaphonya. Anayankha ndi chala chimodzi: "Zikomo bwana, ndipitiriza chomwecho." Mayi wodula nsalu anatsamwa ndi tiyi. Palibe anawauza kanthu. Patapita masabata awiri manijala anawachotsa pawindo n'kuwaika pa tebulo la mabatani, pafupi ndi chitseko cha kuchimbudzi.

Lamulungu masana madala anaonetsa uthengawo mwana wawo wamkazi, namwino, kuti aone mmene munthu amakuyamikira lero n'kukutaya mawa. Iye anawerenga n'kugwira pakamwa.

"Bambo! Ndiye munayankha kuti zikomo?"

"Nanga munthu akandiyamikira ndimutukwane?"

"Sanakuyamikireni. Tamverani. Mayi akanena kuti 'mwafulumiratu lero' inu mutafika chakudya chitazizira, mumadziwa bwanji kuti akukunenani?"

"Mawu ake amakhala ndi minga."

"Eya. Koma zolemba zilibe mawu a pakamwa, zilibenso nkhope. Ndiye anthu amaika tizithunziti m'malo mwake. Kankhope aka kakuseka, koma mutu uli pansi. Kakuti: zimene ndalembazi zitembenuzeni. Ndikumwetulira, koma mkatimu mwatentha."

"Nanga nyenyezi? Nyenyezi n'zoipa?"

"Ayi, n'za zinthu zokongola, zatsopano, zonyezimira. Ndikalemba za mwana wobadwa kumene n'kuikapo, n'zoona. Koma onani pamene waziika: uku ndi uku kwa mawu amodzi, ngati wawakweza m'mwamba kuti onse awaone. Ndipo mawuwo ndi liwiro, pa jekete lochedwa masiku anayi. Zili ngati kusoka mabatani agolide pa thumba la makala. Kukongoletsako ndiye kunyozako."

Madala ankadziwa chipongwe cha mitundu yonse: cha mlomo, cha diso, cha kutsokomola. Koma ichi! Munthu kukuboola ndi nyenyezi!

"Ndiye aliyense woika kankhopeka ndi mdani?"

"Ayi. Ine ndikalemba kuti 'basi yandisiyanso' n'kukaika, ndikudziseka ndekha. Ena amangoseweretsa. Muziona amene walemba, amene akumulembera, ndi zimene zachitika. Wanuyu ndi bwana, walemba pagulu, ntchito itachedwa."

"Bwanji osangonena kuti madala mukuchedwa? Ndikanamva."

"Akanatero mukanamuyankha. Apa mukadandaula, adzati amaseka."

Madala anatenga foni, naitembenuza kuti kankhopeko kaime bwino. Kwa kanthawi kanamwetulira ngati mwana wabwino. Kenako zolemba zonse zinazungulira zokha, kankhopeko n'kuzondokanso. Anayesa kachiwiri, chimodzimodzi. Anaiika pansi mwaulemu, monga amaikira sizasi yonoledwa kumene. Ndani anakhala pansi n'kupanga chinthu chochenjera chotere? Kansalu kokhala ndi mkati ndi kunja, kosaoneka msoko. Pa ntchito yawo yonse anali asanasokepo chinthu chobisika bwino chonchi.

Lolemba analowa mu ofesi ya mwini shopu, mnzawo wa msinkhu umodzi, amene anayamba naye ndi makina awiri okha. Anafotokoza zonse: za minga, za thumba la makala, ndi kuti anthu anawasiya ayankhe zikomo m'malo mowachenjeza. Anapempha makina awo a pawindo.

Mwini shopu anaitana manijala. Iye anabwera ndi tepi m'khosi, nkhope ili gwa ngati ya m'tchalitchi.

"Ine kunyoza madala? Bwana, werengani nokha. Pali mawu oipa apa? Ndawathokoza. Ndawaikira ndi nyenyezi zomwe."

Mwini shopu anaika foni patali ndi maso, nawerenga milomo ikugwedera.

"Achimwene, apatu akuseka. Ine mkazi wanga sanandiikirepo nyenyezi chikwatirane."

"Taonani mutu wake uli kuti!"

Mwini shopu anatembenuza foni. Kankhope kanaima bwino, ndipo anaibweza msanga zolemba zisanazungulire.

"Si apa kaima? Ukalambatu uwu, achimwene. Kapumeni pa mabatani."

Pa makina a pawindo pano pamakhala mlamu wake wa manijala. Madala akusoka mabatani.