Mzere Umene Ba Emeliana Anakana Kufufuta

Obby anabweretsa kalatayo italembedwa kale, itatayipidwa bwinobwino ku Rufunsa, pansi pake atasiya malo a siginecha ndi chidindo. Ba Emeliana, namwino woyang'anira kachipatala ka kufupi ndi Shikabeta, anaiwerenga ataimirira, ndipo pofika pakati mutu unayamba kuwawawa.

Mnyamatayo anali namwino wophunzira bwino koma wosalembedwa ntchito, mmodzi wa aja amadzipereka ulere poyembekezera kuti boma liwalembe. Tsopano bungwe lina la ku Chongwe linkafuna namwino woyendera amayi ndi ana m'midzi, ndipo linkafunsa kalata yaumboni yochokera kwa womuyang'anira.

"Obby, uyu munthu ali mu pepa ni ndani?" anafunsa Ba Emeliana. "Oopa Mulungu, odzichepetsa, malipoti osachedwa. Nimufuna abwele asebenze kuno."

"Ba Sista, onse amalemba so. Muzanga ananipasa. Imwe mufake chabe stampu."

"Nipase advati yao, pepa yamene balengezela nchito. Nizalemba neka."

Analemba madzulo odwala atatha, ndipo ntchitoyo inawakwiyitsa kuposa mmene ankaganizira. Mawu akuluakulu aja ndi osavuta, amangotuluka okha. Kunena zimene munthu anachitadi kumafuna kukumbukira. Analemba kuti iwo ndi ndani, ndi kuti amuyang'anira Obby kuyambira liti. Analemba kuti Obby ndiye ankapalasa njinga kukafuna amayi amene asiya kubweretsa ana ku sikelo, ndipo ambiri anabwerera chifukwa sankawakalipira. Analemba za nthawi imene firiji ya katemera yoyendera mphamvu ya dzuwa inazima mvula itatseka dzuwa, iye n'kulongedza katemera m'bokosi lozizira, kumuthamangitsira ku chipatala china asanawonongeke. Mzere uliwonse unkawakumbutsa ntchito imene idzawagwera okha mnyamatayo akachoka, ndiye ankalemba akung'ung'udza.

Popeza bungwelo linatchulanso za malipoti, anawonjezera kuti Obby poyamba ankachedwetsa malipoti a pamwezi, kuti anakhala naye pansi, ndipo chaka chino wakhala akupereka pa nthawi, ngakhale amafunabe womukumbutsa. Anamaliza ndi kunena kuti akumuvomereza ndi mtima wonse, n'kuika nambala yawo ya foni.

M'mawa anamupatsa kuti awerenge asanadinde. Obby anadumpha zabwino zonse, maso ake n'kukatera pa mzere umodzi uja ngati ntchentche pa chilonda.

"Ba Sista, apa mwanipaya."

"Ninama?"

"Simunaname, koma sembe mwachosako."

"Bakakulemba nchito, mwezi oyamba bazaona beka. Ndiye bazakamba ati vonse vamene nalemba ni boza, na va njinga, na va katemela."

Obby anapita kukatenga azakhali ake, Ba Mailesi, amene ankaimba kwaya imodzi ndi Ba Emeliana. Mayiwo anafika atavala chitenje cha tchalitchi, anakhala pa benchi ya odwala, napereka moni wautali wofunsa ndi nkhuku zomwe. Kenako anati mwana wa mnzako ndi wako yemwe, ndipo munthu sayika mwala panjira ya mwana wamasiye. Ba Emeliana anafotokoza, anawerenga kalata yonse mokweza, anamasulira m'Chinyanja. Ba Mailesi anagwedeza mutu mwaulemu pa chiganizo chilichonse, pomaliza n'kufunsa ngati tsopano afufuta. Apa Ba Emeliana mtima unawawira, koma anangodinda kalatayo mmene inalili. Obby anaitenga chifukwa tsiku lotsekera linali litayandikira.

Patapita milungu, foni inalira Ba Emeliana ali pakati poyeza mayi woyembekezera. Atamaliza anaimbira nambalayo. Anali mayi wa ku bungwe lija, ndipo anafunsa za firiji, za njinga, kenako za malipoti. Ba Emeliana anakwera pachulu cha kuseri kwa chipatala pomwe netiweki imagwira, nayankha zonse, namuteteza mnyamatayo mpaka mawu kusasa. Atafunsidwa ngati angamulembe ntchito iwo eni, anati akanakhala ndi mphamvu akanamulemba kalekale. Za foniyi sanauze munthu, poopa kumupatsa chiyembekezo chimene mwina sichikanapherezera.

Obby anaitanidwa, ndipo ntchito anaipeza. Anadzatenga katundu wake tsiku limene Ba Emeliana anali ku msonkhano ku Rufunsa, makiyi n'kusiyira mlonda.

Lamlungu, mapemphero atatha, Ba Mailesi anaimirira pagulu la amayi kuti athokoze. Anati Mulungu ndi wamkulu, mwana wawo wapeza ntchito ngakhale panali ena amene anamulembera zoipa kuti atsekereze mwayi wake. Sanatchule dzina, anangoyang'ana denga. Amayi onse anayankha kuti amen, ndipo amene anakhala pafupi ndi Ba Emeliana anasendeza chitenje chake pang'ono.